Lawi lachikasu pa chitofu cha gasi: vuto ndi gasi kapena mpweya?

Chimene chinandidzidzimutsa si moto ayi, chinali poto. Nditamutembenuza kuti ndimutsuke ndinapeza kunsi kwake kuli bii, ndipo nditapakako chala chinabwerako ndi mwaye wofewa wonga ufa. Poto wophikira pa gasi sayenera kuda chotero. Ngati wada, ndiye kuti gasi wina sakupsa mokwanira, ndipo mwaye umenewo ndi gasi amene munagula koma sanakupatseni kutentha kwake konse.

Nkhaniyi inayamba masabata angapo m'mbuyo. Tsiku lina zimene ndinkaphika zinafufuma n'kusefukira pa mutu umodzi wa chitofu, uja wapakatikati. Ndinapukuta pamwamba pokha n'kuiwala. M'mawa mwake moto wa pamutu umenewo unali wofooka: ngakhale nditsegule mpaka kumapeto, malawi ake anali afupiafupi, ndipo mbali imodzi sinkayaka n'komwe. Ndinachotsa mutuwo, ndinaona kachitsulo kakang'ono kamkuwa kokhala ndi kabowo pakati, kamene amati jeti, ndipo ndinatenga singano yosokera n'kutokosa kabowoko mwamphamvu. Moto unabwerera, waukulu kuposa kale. Ndinasangalala. Sindinalabadire kuti nsonga za malawi zasanduka zachikasu ndipo zikugwedezeka ngati za kandulo.

Munthu amene anandifotokozera chimene ndinawononga ndi bambo wina wachikulire wokonza zitofu. Atangoyatsa mutuwo n'kuuyang'ana pang'ono anafunsa kuti, "Kodi amene anatokosa jetiyu ndani?" Ndinavomera kuti, "Ndine, bambo. Moto unali wochepa." Iwo anati, "Munachiza njala ya gasi, koma mwaubanikitsa motowo. Tsopano ukusowa mpweya." Mawu amenewo ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Moto wofooka ndi moto wachikasu ndi matenda awiri osiyana, ngakhale nthawi zina amabwera limodzi. Wofooka nthawi zambiri ukutanthauza kuti gasi akufika wochepa. Wachikasu ukutanthauza kuti mpweya wachepa poyerekeza ndi gasi amene akubwera. Mukasokoneza ziwirizi mumachiza nthenda imodzi n'kuyambitsa inzake.

Kuti zimveke, tiyeni titsatire ulendo wa gasi kuchokera pamene mwapotokola chotsegulira. Gasi amatulukira pa jeti, kachitsulo kamkuwa kaja, kudzera pa kabowo kakang'ono kwambiri. Pa zitofu za gasi wa m'silinda kabowo kameneka kawirikawiri sikafika milimita imodzi. Chifukwa cha kuchepa kwa kabowoko, gasi amatuluka mothamanga n'kulowa m'kapaipi kapena m'khosi la mutu wa chitofu. Akamathamanga choncho amakoka mpweya wa m'mbali n'kupita nawo, ndipo ziwirizi zimasakanikirana zisanafike pa timabowo tozungulira mutu pamene moto umayakira. Uwu ndiwo mpweya woyamba. Wina wotsala lawi limautenga lokha kunja pamene likuyaka.

Gasi ameneyu amadya mpweya wambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. M'silinda mumakhala pulopeni, byuteni, kapena ziwirizi zosakaniza. Kuti muyeso umodzi wa pulopeni upse bwinobwino pamafunika miyeso ya mpweya pafupifupi 24, ndipo byuteni amafuna pafupifupi 31. Mpweya ukakwana, lawi limakhala la buluu, lokhazikika, lokhala ndi kamtima kowala pakati pa lawi lililonse, ndipo limalira mwakachetechete. Mpweya woyamba ukachepa, gasi wina amatenthedwa asanakumane ndi okosijeni, n'kusweka kukhala tizidutswa ta kaboni. Tizidutswa timeneti tikatentha timawala chikasu, ngati mmene lawi la kandulo limawalira. Tikakhudza kunsi kwa poto kozizira timamatirira. Ndiwo mwaye uja.

Apa ndi pamene singano yanga inalakwira. Pa majeti ambiri pamakhala nambala yodindidwa, ndipo kawirikawiri nambala 65 imatanthauza kabowo ka mamilimita 0.65. Tiyerekeze kuti singano yakulitsa kabowo kotere kufika pa 0.9. Ndi maso simungaone kusiyana kwenikweni. Koma gasi wodutsa amatengera kukula kwa malo onse a bowo, ndipo bowo la 0.9 ndi lalikulu pafupifupi kawiri kuposa la 0.65. Gasi wawirikiza, koma khosi lokokera mpweya lija lidakali lomwe lija. Mkuwa ndi wofewa, singano ndi chitsulo cholimba, ndiye sipafunika mphamvu zambiri kuti izi zichitike. Jeti wokulitsidwa sabwerera mwakale. Amangofunika kusintha, n'kuikapo wina wa nambala yomweyo.

N'chifukwa chake masiku ano, ndisanagwire chida chilichonse, ndimayamba ndayatsa mitu yonse ya chitofu n'kuiyang'ana, makamaka m'chipinda mopanda kuwala kwambiri chifukwa lawi la buluu silioneka bwino padzuwa. Funso ndi limodzi: vutoli lili pa mutu umodzi kapena pa yonse? Ngati ndi umodzi, cholakwika chili pamutu pomwepo, mu timabowo, m'khosi kapena pa jeti. Ngati ndi yonse, musavutike n'kutsuka, yang'anani kumene gasi akuchokera: silinda, leguleta yotsitsa mphamvu ya gasi wotuluka m'silinda, paipi, kapena mtundu wa majeti amene anaikidwa. Kuyang'ana kwa mphindi imodzi kumeneku kumapulumutsa ntchito yambiri.

Pali mtundu wina wa lawi umene umaopsa anthu pachabe. Nthawi zina lawi la buluu limathwanima timizere tofiirira tonga lalanje timene timabwera n'kutha. Limeneli kawirikawiri ndi fumbi, kapena timadontho ta madzi amchere tikupsa m'lawi, ndipo mumaliona kwambiri mukangomaliza kusesa kapena kugogoda chitofu. Silidetsa poto. Chikasu chodetsa nkhawa ndi chija chokhazikika, chowala, cha lawi lalitali lolobodoka. Ngati mukukayika, ikani poto woyera wa madzi pamoto kwa mphindi zisanu, kenako yang'anani kunsi kwake.

Tsopano kutsuka kwake, mmene bambo aja anandisonyezera. Tsekani gasi pa silinda penipeni, osati pa chitofu pokha, ndipo dikirani zitsulo zizizire. Chotsani chitsulo chokhazikapo poto, kenako kachivundikiro kakuda ka pamwamba, kenako mutu wokhala ndi timabowo kapena timipata. Pa zitofu zambiri zimenezi zimangonyamulidwa popanda chida. Kwezani mutuwo moyang'anizana ndi kuwala ndipo muone timabowo kamodzikamodzi. Pa mutu wanga, timabowo ta mbali imodzi tinali titatsekeka ndi zouma zakuda zolimba ngati phula. Mbali yomweyo ndi imene sinkayaka, ndipo gasi amene akanatulukira pamenepo ankapanikizana pa timabowo totsalato.

Vikani mutu ndi kachivundikiro m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kwa mphindi 20 kapena 30, kenako kwechani ndi mswachi wakale. Timabowo tokanika tokosani ndi kawaya kowonda kamene kakulowa mosavuta, mongochotsa zinyalala, osakulitsa bowo. Kamtengo kotokosera m'mano musakagwiritse ntchito, kamathyokera momwemo n'kutseka bowo kuposa kale. Mitu yambiri ndi ya aluminiyamu, ndipo mankhwala amphamvu otsukira uvuni amaidya n'kuidetsa, choncho sopo wamba ndi wokwanira. Musaiwale kampata kamene kamayang'anizana ndi kachoyatsira koyera kaja kothetheka moto. Kakatsekeka, chitofu chimangolira thetheethe osayaka.

Kuumitsa ndi kumene ambiri timachita mothamanga. Dontho limodzi la madzi lotsalira m'bowo limatseka njira mofanana ndi zinyalala, ndipo mutu wonyowa umayaka modukizadukiza, mwachikasu, n'kumathetheka. Munthu amaganiza kuti kutsuka kwalephera pamene vuto ndi madzi chabe. Kutumulani mutuwo, upukuteni, ndipo muusiye uume ndithu. Pobwezeretsa onetsetsani kuti wakhala m'malo mwake, chifukwa mitu yambiri ili ndi kamphako kolowa pamalo amodzi okha. Kachivundikiro kakhale kosapendekeka; mukakagwedeza ndi chala kasamagogode. Kachivundikiro kopendekeka pang'ono chabe kamatulutsa lawi lalitali lachikasu mbali imodzi, ndipo ili ndi vuto losavuta kwambiri kukonza pa mavuto onse a chitofu.

Mutu uli kunja choncho, suzumirani m'khosi mmene gasi ndi mpweya zimadutsa. Pa zitofu zazing'ono zoika pa tebulo, njira imeneyi ndi kapaipi kogona kamene mumakaona mukatembenuza chitofu. Malo amenewa tizilombo timawakonda. Kangaude amamanga ukonde wake momwemo, mphemvu zimafera momwemo, ndipo dzimbiri limagweramo. Ukonde wopyapyala, umene simungauganizire n'komwe, umachepetsa liwiro la gasi moti sakokanso mpweya wokwanira. Ngati chitofu chakhala miyezi osagwira ntchito ndipo tsiku loyamba chikuyaka chikasu, yambirani pamenepa. Kaburashi kotsukira mabotolo kamakwanira.

Nanga jeti akatsekeka? Zimachitikadi, ndipo n'zimene zinachitikira ine poyamba paja. Chizindikiro chake ndi lawi laling'ono mozungulira mutu wonse ngakhale timabowo tili toyera. Pukutani pamwamba pake ndi kansalu kouma kuti zinyalala zisagwere m'kabowo. Ngati pakufunika kutokosa, tengani kachingwe kamodzi kopyapyala ka mkuwa kochokera m'waya wamagetsi wakale, kocheperako kuposa bowolo, ndipo kalowetseni mofatsa popanda kukakamiza. Bambo aja anamasula jeti ndi sipanala yaing'ono, koma anandichenjeza kuti ngati ndilibe chida chokwana bwino ndisayese, chifukwa jeti womangidwa mopotoka amadontha gasi m'mbali mwake.

Zonsezi zikachitika koma lawi lidakali lachikasu, ndi pamene timafika pa kasakanizidwe ka mpweya. Zitofu zina zili ndi kachitseko ka mpweya pafupi ndi jeti: kachitsulo kopyapyala kotsetsereka kapena kozungulira, komangidwa ndi sikuluu kapena kogwidwa ndi sipuling'i. Zina, makamaka zamakono zomangidwa pa kauntala, zilibe, ndipo mpata wake unakhazikitsidwa kufakitale. Ngati chanu chilibe, palibe choti musinthe. Vuto likapitirira, ndiye kuti ndi jeti kapena mphamvu ya gasi.

Ngati kalipo, lembani kachizindikiro pamene kali musanakasunthe, kuti mukasokonezeka mubwerere pomwepo. Tsegulani mawindo, yatsani moto wapamwamba popanda poto, ndipo tsegulani kachitsekoko pang'onopang'ono, milimita imodzi kapena iwiri nthawi iliyonse, mukudikira kaye kuti lawi likhazikike. Mudzaona chikasu chikubwerera kunsonga mpaka kutha, lawi likufupika n'kulimba. Mukapitiriza kutsegula mudzadutsa malire: lawi limayamba kulira mwaphokoso, limanyamuka n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi timabowo, ndipo likhoza kuzima mukatsitsa moto, kapena kuphulika kuti phu pozimitsa. Malo abwino ali pakati, pamene chikasu changotha koma lawi lidakali lomamatira pa mutu. Mangani sikuluu, kenako potokolani chotsegulira mwachangu kuchoka pamwamba kufika pansi penipeni. Moto usazime. Ngati kuti mufike pa kachitsekoko mukuyenera kumasula mapaipi kapena kulowetsa dzanja pansi pa moto woyaka, imeneyo ndi ntchito ya wodziwa.

Tibwerere ku vuto la mitu yonse. Ngati chitofu ndi chatsopano kapena mwangochilandira kwa wina, ndipo mitu yonse ikuyaka malawi aakulu achikasu kuyambira tsiku loyamba, kayikirani majeti. Zitofu zambiri zimapangidwa kuti zigwire ntchito ndi mitundu iwiri ya gasi: wa m'mapaipi a m'mizinda, amene ndi mitheni, ndi wa m'silinda. Mitheni amafuna miyeso ya mpweya pafupifupi 10 yokha ndipo amabwera ndi mphamvu yocheperako, choncho majeti ake ali ndi mabowo aakulu. Mukalumikiza silinda pa majeti amenewa, zimafanana ndi kuti mwatokosa jeti aliyense ndi singano. Kutsuka sikungathandize, kachitseko ka mpweya sikangakwanitse. Pamafunika majeti oyenera. Chimodzimodzinso leguleta: ya chitofu cha m'nyumba imatsitsa mphamvu ya gasi kufika pa mamiliba pakati pa 28 ndi 37, malinga ndi mtundu wa gasi, ndipo nambalayi imalembedwa pa leguleta komanso pa kachikwangwani ka chitofu. Ziwirizi zigwirizane. Leguleta ya mphamvu yaikulu, yopangidwira zitofu zikuluzikulu za panja, si ya chitofu cha m'khitchini.

Ngati mitu yonse yafooka, yambani ndi silinda. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumadindidwa pa chogwirira kapena paphewa pake, ndiye mukaiyeza pa sikelo n'kuchotsera nambalayo mumadziwa gasi wotsala. Kuzizira nakonso kumafooketsa moto: byuteni amasiya kusanduka nthunzi kutentha kukatsika kufika cha pa madigiri 0, pamene pulopeni amapitiriza mpaka cha pa madigiri 42 pansi pa 0. Silinda yotsala pang'ono kutha m'mawa wozizira imapereka moto waulesi. Musaitenthe ndi moto, musaigoneke kapena kuitembenuza kuti mufinye wotsalayo. Mkati mwake gasi ndi wamadzi, ndipo silinda yogona ikhoza kutumiza madziwo ku chitofu n'kubutsa lawi lalikulu losaletseka. Chizindikiro china chothandiza n'ichi: mutu umodzi ukuyaka bwino, koma mukayatsa wachiwiri woyambawo ukutsika kwambiri. Pamenepo leguleta yatopa kapena paipi yapindika kumbuyo. Leguleta satsegula n'kukonza, amasintha.

Chimene chimandipangitsa kuti ndisaone lawi lachikasu ngati nkhani ya mapoto akuda chabe ndi mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi. Gasi akamapsa moperewera mpweya amatulutsa mpweya umenewu wambiri, ndipo ulibe fungo kapena mtundu. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni, ndipo zizindikiro zake zoyamba ndi zimene munthu amangoti ndatopa: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kufooka. Ngati anthu angapo m'nyumba akumva choncho nthawi imodzi pamene chitofu chikuyaka, ndipo akupezako bwino akatuluka panja, zimitsani moto, tulukani nonse, ndipo pitani kuchipatala mukanene kuti mukukayikira mpweya wa chitofu. Ndinene poyera kuti lawi la buluu si chitsimikizo chakuti mpweyawu palibe. Poto wamkulu kwambiri wophimba mutu wonse amabanikitsa lawi, ndipo chipinda chotsekedwa chimatha mpweya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake zenera lizikhala lotsegula pophika, ndipo chitofu chisakhale chofunditsira nyumba usiku. Alamu yozindikira mpweya umenewu ndi chinthu chimene ndimalangiza aliyense wophikira m'chipinda chaching'ono.

Kudontha kwa gasi ndi nkhani ina, ndipo nthawi yoyenera kukufufuza ndi mukangomaliza kukonza kapena kusintha silinda. Gasi mwa iye yekha alibe fungo lodziwika. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno zitichenjeze. Sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi pang'ono mpaka achite thovu, tsegulani silinda chitofu chili chotseka, ndipo pakani pa leguleta, pa mfundo zonse ziwiri za paipi ndi pa paipi yonse. Thovu likamakula n'kufufuma pamalo amodzi, pamenepo pakudontha. Machesi si choyesera. Pindani paipi pang'ono ndi zala: ikaonetsa ming'alu kapena ikauma gwa, yatha ntchito, ndipo opanga ambiri amalangiza kusintha paipi ya labala pakatha zaka zisanu ngakhale ikuoneka bwino.

Mukalowa m'khitchini n'kumva fungo la gasi, musayatse kapena kuzimitsa getsi, chifukwa kamoto kakang'ono ka m'switchi n'kokwanira. Tsekani silinda, tsegulani zitseko, tulutsani anthu. Zitseko n'zofunika kuposa mawindo apamwamba, pakuti gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya. Sakwera kudenga, amayenda pansi ngati madzi n'kudikha m'makona, m'makabati ndi m'ngalande. Ngati mwayesa kuyatsa mutu kwa masekondi angapo osayaka, tsekani, dikirani mphindi imodzi gasiyo abalalike, kenako yesaninso. Pa chitofu choyatsa ndi machesi, moto uzikhala kale pafupi ndi mutu musanatsegule gasi.

Bambo aja anabweranso tsiku lachitatu ali ndi jeti watsopano wa nambala yofanana ndi wakale. Anamumanga, anapaka thovu, kenako anayatsa. Lawi linali lalifupi kuposa lija ndinalizolowera masabata amenewo, moti ndinati, "Bambo, sukuchepa motowu?" Sanayankhe ndi mawu. Anatenga poto wanga amene ndinali nditamukwecha mpaka kuwala, anathiramo madzi n'kumuika pamoto. Malawi a buluu anafalikira kunsi kwa poto osatulukira m'mbali. Madzi atawira anawakhuthula, anatembenuza potoyo n'kundipatsa kansalu koyera kuti ndipukute ndekha. Kansaluko kanabwerako koyera.